Kalata ya kwa Makolo: Ndi Msinkhu Chabe Kapena Mwana Wadwala?

Moni nonse amene mwatchera khutu masana ano, kuyambira ku Chipoka, ku Senga Bay, ku Lifuwu mpaka ku Chikombe, ndi inu amayi amene wailesi mwaikoleka pa thandala uku mukutembenuza usipa. Ine ndine mphunzitsi pa sekondale ina yoyendera kuno kunyanja, ndipo kuwonjezera pa choko, ndinapatsidwanso ntchito ya uphungu. Mwana akamalira kuseri kwa kalasi, kapena akajomba sabata yathunthu popanda wodziwa chifukwa, amamutumiza kwa ine.

Teremu ino ndinalembera makolo kalata. Koma kalata ya kusukulu tonse tikuidziwa ulendo wake. Ina imanyowa m'chikwama, ina imakulungidwira zitumbuwa, ina imafikadi pakhomo koma woiwerengera agogo ndi mwana yemweyo amene kalatayo ikunena za iye. Ndiye ndati bwanji ndiiwerenge pano, ndiziima apa ndi apo kuti ndiwonjezere zimene pepala limodzi silikanakwana.

Ikuyamba motere. "Okondedwa makolo, agogo, amalume ndi nonse amene mukusunga ana athu. Ambiri mwa inu mwabwera kudzandiuza kuti mwana wasintha. Ena mukuti wayamba mwano, ena mukuti akungodzitsekera m'nyumba. Ndikufuna tithandizane kusiyanitsa kusintha kwa msinkhu, kumene kumatha kokha, ndi kusintha kumene kukufunika chipatala. Kufuula kwa mwana si muyeso wake. Muyeso wake ndi masiku amene zatenga, malo amene zikuonekera, ndi zinthu zimene mwanayo wasiya kuchita."

Ndiime kaye pamenepa, chifukwa kalata yonse yatsamira pa chiganizo chomalizachi.

Mwana akamatha msinkhu, kusintha sikukhala kwa mawu a besi ndi tindevu tokha, kapena mawere ndi kusamba. Ubongo nawo umakhala uli pa ntchito. Mbali imene imamva mkwiyo, manyazi, chisangalalo ndi chikoka cha anzake imafulumira kukhwima, pamene mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imauza munthu kuti dikira kaye, ganiza za mawa, imachedwa ndipo imamaliza kukhwima munthu atapitirira zaka 20. N'chifukwa chake mtsikana wa zaka 14 amatha kulira ngati pagwa maliro chifukwa mnzake sanamuyankhe moni, koma pofika madzulo ali kikiki ndi mnzake yemweyo pa mjigo. Tulo nato timasuntha. Thupi la wachinyamata limachedwa kumva tulo usiku, pamene likufunabe maola 8 mpaka 10. Mukamudzutsa mbandakucha kuti akatunge madzi asanapite kusukulu, tsinya limene mukuliona pa nkhope yake nthawi zambiri ndi tulo tosatha, si chipongwe. Kwa atsikana ena, masiku ochepa asanayambe kusamba mtima umakhala pafupi, misozi pafupi, ndipo akangoyamba kusamba zimaphwa. Zikamabwera mwezi ndi mwezi pa nthawi yomweyo n'kumatha zokha, ndi thupi limenelo.

Chinanso chimene chimapweteka makolo n'chakuti mwana amayamba kukonda anzake kuposa pakhomo. Amene ankakutsatirani kudimba lero sakufuna kuyenda nanu limodzi pamsika. Zimawawa, koma ndiye kukula kwake.

Tsono ndikuuzeni za ana awiri. Ndasintha zina ndi zina kuti wina asawazindikire.

Woyamba ndi mnyamata wa Fomu 1, zaka 14. Amalume ake anabwera kusukulu atafiira maso. Akuti mwanayu wayamba kuyankha akulu akulankhula, akamutuma amayamba wang'ung'udza, Loweruka amagona mpaka dzuwa kufika pamutu, ndipo tsiku lina anamenyetsa chitseko mpaka loko kuguluka. Iwo ankafuna ndiwauze ngati wayamba chamba kapena wina wamuchita chipongwe. Ndinawafunsa mafunso ochepa. Nsima akudya? Akuti amamaliza mitanda yake n'kuyang'ananso ya mng'ono wake. Mpira akusewera? Akuti ndiye vuto lakelo, sachoka pa bwalo. Akakwiya, zimatenga nthawi yaitali bwanji? Akuti mwina ola limodzi, mwina mpaka chakudya chamadzulo. Ndinakaona m'kaundula: sanajombe. Ndinaona malikisi: masamu anali pomwe anali teremu yatha, Chingerezi chinakwerako pang'ono. Pa nthawi yopuma ndinamuona ali pakati pa anzake akuseka mpaka kugwira m'mimba. Ndinawauza amalumewo kuti mwanayu sakudwala. Akufunika malire omveka, loko akonze yekha ndi ndalama za ganyu, komanso asamadzudzulidwe pamaso pa anzake, poti pa msinkhu umenewu manyazi amapsa kuposa chikoti.

Wachiwiri palibe amene anabwera kudzamudandaulira. Ndi mtsikana wa Fomu 2, zaka 15, wokhala ndi agogo ake pafupi ndi doko, mayi ake ali ku Joni. Amene anayamba kuona ndi aphunzitsi a masewero, chifukwa mtsikanayu anali woponya zigoli pa timu ya ntchemberembaye, ndiye anangosiya kubwera. Atamufunsa anati mutu. Sabata yotsatira, mutu. Kukwaya anasiyanso. Kope lake la masamu, limene kale linkakhala laudongo, linayamba kukhala ndi deti ndi mutu wa phunziro basi, m'munsi mopanda kanthu. Pa mayeso a pakati pa teremu anatsika kuchoka m'ma 60 kufika m'ma 30. Kuchipatala chaching'ono anamuyeza malungo kawiri, osawapeza, n'kubwerako ndi panado.

Nditapita kwa agogo ake, anandilandira mwansangala, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mdzukulu wanga ndiye wakula tsopano. Zoyendayenda anasiya, amangokhala m'nyumba, sayankha munthu. Ulemu wokhawokha." Ndinawafunsa za chakudya. Anati amangotsina pang'ono n'kusamba m'manja. Za tulo, anati akadzuka usiku kupita panja amamupeza ali maso, atakhala tsonga pa mphasa, tambala woyamba asanalire. Siketi ya yunifomu anali ataimanga ndi pini chifukwa inayamba kugwa m'chiuno. Titawerenga bwino, zinali zitatha masabata oposa asanu ndi limodzi.

Mwa ana awiriwa, amene ankasowetsa mtendere pakhomo anali bwinobwino. Amene ankayamikiridwa ndiye anali kudwala. Ndipo ine ndimaona kuti mwambo wathu, umene uli wabwino pa zambiri, apa umatiphimba m'maso. Timaphunzitsa mwana, makamaka wamkazi akachoka kwa anankungwi, kuti wakhalidwe ndi wofatsa, woyang'ana pansi, wosachulutsa mawu. Ndiye matenda akabwera atavala kufatsa, timawaombera m'manja.

Ndipitirize kalata. "Dzifunseni mafunso atatu. Loyamba: zatenga nthawi yaitali bwanji? Mkwiyo ndi kukhumudwa kwa msinkhu zimabwera n'kupita, pa maola kapena tsiku limodzi kapena awiri. Koma mwana akakhala wokhumudwa, wokwiyakwiya kapena wosasangalala ndi chilichonse pafupifupi tsiku lonse, pafupifupi tsiku lililonse, kwa masabata awiri kapena kuposa, musadikirenso. Lachiwiri: zikuoneka kuti? Ngati ali ndwii kunyumba kokha koma kusukulu, kumpira, kutchalitchi kapena kumadrasa ali bwino, nkhani ili pakati pa iye ndi pakhomo. Ngati ali chimodzimodzi kulikonse, nkhani ili mwa iye. Lachitatu: wasiya chiyani? Kudya, kugona, kusamba, kucheza, kulemba m'kalasi, masewero amene ankawakonda."

Masabata awiriwo sindinawapeke ine. Ndi muyeso umene achipatala pa dziko lonse amagwiritsa ntchito poyeza matenda okhumudwa, amene ena amawatchula kuti matenda a nkhawa. Asodzi amene mukundimva mukudziwa kuti mwera ukaomba masiku awiri atatu mumangokokera bwato kumtunda n'kumasoka maukonde, poti mukudziwa kuti uleka. Koma utati waomba osapumira mpaka mwezi kusintha, simunganene kuti ndi nyengo chabe.

Vuto n'lakuti mutu wa kholo susunga masiku. Dzulo likakhala loipa, timati mwanayu amatero nthawi zonse. Likakhala labwino, timaiwala sabata yonse. Ndiye chitani ichi. Tengani kalendala ya pakhoma, kapena tsamba la kumapeto kwa kope lakale. Madzulo aliwonse ikani chizindikiro pa zinthu zinayi: wadya, wagona, wapita kusukulu, wacheza kapena kuseka ndi munthu. Amene simulemba, dulani timizere ndi khala kuseri kwa chitseko, kapena ponyani mwala m'chitini tsiku limene mwana sanadye bwino ndipo sanatuluke. Masabata awiri akatha, muona nokha. Ndipo pepala limenelo mukapita nalo kuchipatala, dokotala adzamva msanga kusiyana n'kungonena kuti mwanayu sakupeza bwino.

Ndisasiye anyamata kumbuyo, pakuti wina angamve ngati ndanena kuti waphokoso aliyense ali bwino. Ayi. Mwa achinyamata, makamaka anyamata amene tinawauza kuti mwamuna salira, matendawa kawirikawiri amatulukira mu ukali. Kusiyana kwake ndi mnyamata wa chitseko uja n'kwakuti ukali wake sutha. Amakwiyira aliyense, anzake omwe, mpaka anzakewo kumuthawa. Mpira wasiya. Wayamba kumwa kachasu kapena timabotolo totchipa tija, osati pa chisangalalo ndi anzake, koma payekha kuti agone. Mafunso atatu aja ndi omwewo.

Kalata ikupitirira. "Musanaganize za maganizo, yezetsani thupi." Apa kuno kunyanja tili ndi zathuzathu. Ana athu akulira m'madzi, ndipo likodzo ndi losasowa. Likodzo lokhalitsa limachepetsa magazi, ndipo mwana wochepa magazi amafooka, amawodzera m'kalasi, mutu umamupweteka, sakhala ndi chidwi. Mufunseni ngati akuona magazi pokodza, makamaka kumapeto kwa mkodzo, koma dziwani kuti likodzo la m'matumbo silionetsa chizindikiro chimenecho. Tsegulani chikope cha m'munsi ndi kuona zikhatho: zikayera mbuu, pitani akayeze magazi. Mankhwala a likodzo, pulazikwantelo, ndi omwe aja amagawidwa m'sukulu. Malungo obwerezabwereza nawo amafooketsa. Mtsikana amene amataya magazi ambiri posamba amathanso kuchepa magazi. Njala nayo tisaichite manyazi kuitchula: mwana amene wachoka m'nyumba m'mimba muli gwaa, mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, sangakhale wansangala pa phunziro lachisanu.

Palinso china chimene ndinachiphunzira kwa asodzi. Mnyamata akamagona pa desiki masiku ena, masiku ena ali tcheru, ndimayang'ana mwezi kumwamba. Usipa wa kauni amaupha ndi nyali usiku wa mdima. Mwezi ukawala, nyali sizikoka nsomba, ndipo mabwato ambiri amapuma. Ngati tulo ta mwana m'kalasi tikutsatira mdima, n'kutha mwezi ukakhwima, mwanayo sakudwala maganizo. Akupalasa bwato usiku, ndipo nkhani yofunika kukamba ndi ya fizi ndi ya mwini chilimira amene akulemba ana a sukulu.

Ana amene akumwa ma ARV muwayang'anitsitse mwapadera. Kafukufuku amene anachitika kuno ku Malawi pakati pa achinyamata oposa 500 amene ali ndi HIV, wofalitsidwa mu 2014, anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu aliwonse anali ndi matenda okhumudwa. Mwa ana amenewa chizindikiro choyamba nthawi zina chimakhala botolo la mankhwala losatha mwezi ukatha, kapena kukana kupita ku Tini Kilabu kumene kale ankathamangira. Musamukalipire kuti akufuna kufa. Mufunseni chimene chamutopetsa, ndipo auzeni a kuchipatala kumene amalandira mankhwalawo.

Kusintha kukabwera mwadzidzidzi, dzulo anali bwino lero ndi munthu wina, funso likhale lakuti chachitika n'chiyani. Mtsikana amene wayamba kuopa munthu mmodzi, kukana kutumidwa kudoko kapena ku nyumba inayake, kusamba kambirimbiri, kukodzanso pogona ali wamkulu, kapena kupezeka ndi foni ndi ndalama zimene simunamupatse, mwina wina akumugwirira kapena kumunyengerera ndi nsomba ndi ndalama. Zimachitikiranso anyamata. Mwina ali ndi mimba ndipo akuopa kunena. Apa chikoti chimangotseka pakamwa pa mwana. Lamulo lili kumbali yake: kuyambira mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ndondomeko ya boma imalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Mwana amene akudziwa kuti mimba si mapeto a sukulu, ndiponso kuti pakhomo sadzathamangitsidwa, sathamangira maganizo oipa. Nkhani zogwiriridwa zipite kuchipatala msanga, pasanathe maola 72, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito mkati mwa nthawi imeneyo, kenako kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza ndi kwa a zachisamaliro cha anthu.

Tsopano ndafika pa ndime imene ndikupempha kuti amene muli pa ntchito muyambe mwaima. Kalata ikuti: "Pali zizindikiro zimene sizidikira masabata awiri. Mwana akanena kuti kuli bwino kufa, kuti akutopetsani, kuti posachedwa mupumula. Akayamba kugawa zinthu zimene amazikonda, kutsanzika anzake, kulemba mawu otsanzika m'kope kapena pa foni. Mukaona mabala odzicheka pa mikono kapena pa ntchafu, kapena akuvala juzi dzuwa la Okutobala lili pamutu. Akamamva mawu amene ena sakuwamva, kapena kukhulupirira kuti anthu akumulondalonda. Akatha masiku angapo osagona koma osatopa, akulankhula mosalekeza. Zikatero, tsiku lomwelo mupite naye kuchipatala."

Pali mawu amene ndimawamva kawirikawiri: amene amanena sachita, akungofuna kutiopseza. Si zoona. Ambiri amene anadzipha anali atanenapo kwa wina, mwina mwanthabwala, mwina mokwiya. Ena amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere imufotere yekha. Mwambi umenewu ndi wabwino pa nsapato zodula ndi pa chibwenzi chopanda pake. Pa moyo sugwira, chifukwa palibe kubwerera kuti akaphunzirepo. Chenjeraninso ndi mwana amene wakhala wokhumudwa kwa nthawi yaitali, ndiye mwadzidzidzi wapepukidwa, akumwetulira, wachapa zovala zake zonse, popanda chimene chasintha pa mavuto ake. Nthawi zina kupepukidwa kumeneko n'kwa munthu amene wamanga kale mfundo.

Nthawi zoopsa timazidziwa. Zotsatira za MANEB zikangotuluka, kaya za Sitandade 8, za JCE kapena za MSCE. Mwana akabwezedwa chifukwa cha fizi pamaso pa anzake. Chibwenzi chikatha. Chithunzi kapena uthenga wake wachinsinsi ukafalitsidwa pa mafoni. Akadyedwa pa kubetcha ndalama za fizi kapena za bizinesi ya amayi ake. Pakachitika maliro a mnzake amene anadzipha. Pa masiku ngati amenewa, ngakhale mwana amene analibe matenda alionse atha kuchita chinthu mwaphuma, pa mphindi zochepa za manyazi.

Ndiye mufunseni. Ndikudziwa kuti ambiri mukuopa kuti mukatchula, mumuika maganizowo m'mutu. Akatswiri anafufuza kambirimbiri ndipo anapeza kuti kufunsa sikubzala maganizo amenewa. Kumamasula mwana amene anali nawo kale yekhayekha. Kafunsidwe kake ndiko kofunika. Musamuitane pabwalo pamaso pa abale onse ngati mlandu. Mutengeni poyenda, kapena mukusankha nyemba awiriwiri, kapena mukusoka ukonde, pamene maso sakuyang'anizana. Yambani ndi zimene mwaona, osati zimene mwaganiza. Mtsikana uja ndinamufunsa tikulongedza mabuku, ndinati, "Mwanawe, ndaona kuti mpira unasiya, ndipo agogo akuti tulo sukutipeza. Zikukuvuta kwambiri eti?" Anangogwedeza mutu. Ndinadikira, osadzaza mpatawo ndi malangizo. Kenako ndinati, "Anthu ena zikawavuta chonchi amaganiza zoti bola kufa. Iwe maganizo amenewa anakufikirapo?" Anakhala chete nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Nthawi zina, madamu." Ndinamufunsanso ngati anaganizapo za njira kapena tsiku. Funso limeneli ndi lolemera pakamwa, koma ndi limene limasiyanitsa maganizo ongodutsa ndi ngozi ya lero. Iye anati ayi, koma anawonjeza kuti amaona ngati mayi ake anamuiwala, ndipo agogo akuvutika chifukwa cha iye.

Mwana akakuuzani zotere, musalumbire, musalalikire, musamuuze kuti ena akuvutika kuposa iye. Musalonjezenso kuti simuuza munthu. Ine ndinamuuza poyera kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ife awiri, ndipo tisankhe limodzi wamkulu woti timuuze. Anasankha azakhali ake.

Mwana akavomera maganizo amenewa, usiku umenewo asagone yekha. Ndipo chotsani m'nyumba zimene zingamuvulaze. Kuno timalima thonje, chimanga ndi mpunga, ndiye pafupifupi khomo lililonse lili ndi mankhwala opopera mbewu, othira m'chimanga kapena a makoswe, ali pa windo kapena pansi pa bedi. Kawasungitseni kwa mnansi kapena atsekereni ndi loko, kiyi ali m'thumba mwanu. Mapilitsi a agogo nawonso chimodzimodzi. Wina anganene kuti wofuna kufa apeza njira ina. Koma mwa achinyamata mphindi yoopsa ija nthawi zambiri imadutsa, ndipo chinthu chikakhala patali, mphindiyo imatha mwana ali moyo. Zikachitika kuti wamwa kale, musamusanzitse, musamumwetse mkaka, mafuta ophikira kapena madzi a sopo. Pezani njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo, ndipo botolo kapena pepala la mankhwalawo mulitenge kuti achipatala adziwe chothira.

Mwana wosokonekera mutu mwadzidzidzi thupi lili moto, wosazindikira anthu, kapena wokomoka, ameneyo ndi wa kuchipatala ola lomwelo, chifukwa atha kukhala malungo a mu ubongo kapena matenda oumitsa khosi. Ndikudziwa kuti ambiri timayamba taganiza za majini kapena kulodzedwa, n'kuthamangira kwa asing'anga, kwa abusa kapena kwa ashehe. Ine sindilimbana ndi pemphero la munthu. Ndimangopempha kuti pempherolo lichitikire m'njira yopita kuchipatala, ndipo mwana asamangidwe zingwe kapena kusalitsidwa chakudya. Abusa ndi ashehe ambiri amene ndagwira nawo ntchito kuno amavomereza zimenezi, ena amaperekeza okha.

Kuchipatala kumachitika zotani? Ambiri mukamva za matenda a maganizo mumaona geti la ku Zomba Mental. Ana ochuluka safika kumeneko ndipo sagonekedwa n'komwe. Yambirani pa chipatala chaching'ono chapafupi kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu. Pofotokoza musangoti mutu, chifukwa mudzabwerako ndi panado. Nenani kuti mwanayu wakhala wokhumudwa masabata akutiakuti, sakudya, sakugona, wasiya sukulu, ndipo ngati ananena za imfa, nenani mawu ake momwe anawanenera. Pemphani kuti akutumizeni ku chipatala chachikulu cha boma la Salima, mukaonane ndi namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Zikafunika akatswiri oposa pamenepo, ku Lilongwe kuli St John of God.

Mtsikana uja anapita ndi azakhali ake. Anamuyeza magazi n'kupeza kuti ndi ochepa ndithu, anamupatsa mankhwala a likodzo ndi owonjezera magazi. Koma namwino sanalekere pomwepo, chifukwa kuchepa magazi sikupangitsa mwana kuona ngati ndi mtolo kwa agogo ake. Anayamba kukumana naye pa masiku oikika, kukambirana. Kwa achinyamata chithandizo choyamba ndi chimenechi, kukambirana ndi kubwezeretsa pang'onopang'ono zochita za tsiku ndi tsiku. Mapilitsi amabwera ngati matenda ndi aakulu kapena kukambirana kwalephera, ndipo amene amapatsidwa kwa a msinkhu umenewu ndi fuluwokisetini. Sagwira tsiku lomwelo: pamatenga masabata angapo kuti kusintha kuoneke, ndipo pa masabata oyambawo mwana amafunika kumuyang'anira kwambiri, chifukwa ena amasowa mtendere m'thupi ndipo maganizo oipa aja amatha kukula asanayambe kuchepa. Zikatero bwererani kuchipatala msanga. Akayamba kupeza bwino musamusiyitse nokha, ndipo musamupatse mapilitsi a munthu wina wa m'mudzi amene akumwa a matenda a maganizo.

Ife kusukulu tinachita mbali yathu. Tinagwirizana kuti azibwera tsiku lililonse ngakhale asalembe zonse, chifukwa kukhala kunyumba kumakulitsa matendawa. Aphunzitsi a masewero anamupempha kuti azingobwera kudzagwira wisulo, osasewera. Mayi mmodzi wa gulu la amayi a pasukulu ankadutsa pakhomo pawo kawiri pa sabata. Azakhali anakonza zoti Lamlungu lililonse azilankhula ndi mayi ake pa foni, ndipo mayiwo anauzidwa zoona, osati zoti zonse zili bwino. Sizinayende mowongoka. Sabata yachitatu anajombanso masiku awiri, agogo n'kutaya mtima kuti mankhwala a chizungu alephera. Chinayamba kubwerera ndi chakudya, kenako tulo. Kuseka kunachedwa, malikisi ndiye anamalizira, teremu yotsatira. Makolo ambiri amayang'ana malikisi poyamba n'kuganiza kuti palibe chikusintha, pamene mbale ya nsima yayamba kale kubwerera yopanda kanthu.

Nkhani imeneyi si yachilendo m'boma lathu lino. Zaka za m'ma 2013 mpaka 2016, Salima pamodzi ndi Lilongwe ndi Mchinji anali maboma amene bungwe la Farm Radio, unduna wa zaumoyo ndi dokotala wa ku Canada, Stan Kutcher, anaphunzitsamo aphunzitsi, atsogoleri a magulu a achinyamata ndi achipatala za matenda okhumudwa, ndipo ena mukukumbukira pulogalamu ya pawailesi ya Nkhawa Njee. Ena mwa amene anaphunzitsidwa nthawi imeneyo akadali m'sukulu ndi m'zipatala zathu. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati mwa ana a zaka 10 mpaka 19, mmodzi mwa asanu ndi awiri aliwonse ali ndi vuto lina la maganizo. M'kalasi la ana 70, ngati amene timaphunzitsa kuno, ndiye kuti ana ngati 10. Mphunzitsi mmodzi sangawaone onse, ndipo sawaona usiku. Amene amadziwa ngati mwana wadya kapena wagona ndinu.

Ndime yomaliza ya kalata ndi yaifupi. "Ngati mukukayika, bwerani kusukulu mufunse mphunzitsi wa uphungu kapena aphunzitsi aakulu. Simukusowa kudikira msonkhano wa makolo, ndipo mwana salangidwa chifukwa choti mwabwera. Ngati ndi usiku, kapena mwana sakufuna kulankhula ndi munthu womudziwa, imbani 116. Ndi nambala yaulere ya Tithandizane, yoyendetsedwa ndi bungwe la YONECO, ndipo mwana atha kuimba yekha. Pobwera kusukulu kapena popita kuchipatala, tengani buku lake la kuchipatala ndi pepala lija la masabata awiri."

Nambalayo ndibwerezenso kwa amene mumafunafuna cholembera: 116.